Galu ndi "wanga", mbuzi ndi "yanga": mungamufotokozere bwanji mlendo?

Munthu amene akuphunzira Chichewa atakula kale, kaya ndi mlamu wochokera ku Ulaya kaya ndi msuweni wobadwira ku Mangalande, savutika kwenikweni ndi mayina a zinthu. Nsima, madzi, ndalama, galimoto, zonsezi amazigwira sabata yoyamba. Chimene chimamugwetsa ndi timawu timene timatsatira dzinalo. Mumumva akuti "nyumba wanga", "galu yanga", "chimanga ili bwino", ife n'kumaseka. Koma atifunse kuti nanga bwanji galu ndi "wanga" pomwe mbuzi ndi "yanga", chikhalirecho zonse ndi ziweto za pakhomo limodzi. Ambiri timangokanda mutu n'kunena kuti, "Basi, ndi mmene timayankhulira."

Yankho limeneli silimuthandiza munthu. Ndipo kunena zoona, ambiri a ife malamulo a chiyankhulo tinawamvetsa kudzera m'Chingerezi. Za Chichewa tinangoloweza Mu-A, Mu-Mi, Li-Ma, Chi-Zi kuti tikhoze mayeso, mayeso atatha n'kuzisiya pomwepo. Ndiye tiyeni tiyambire pamene wophunzira wathuyo waima.

Iye anazolowera kuti mayina amagawidwa potengera chachimuna ndi chachikazi. Sitifunika kupita kutali kuti tione zimenezi. Pa Lizulu, m'boma la Ntcheu, msewu wa M1 ndiwo malire: mbali ino ndi Malawi, mbali inayo ndi Mozambique, boma la Angonia. Mwana wa tsidya linalo amayankhula Chichewa ngati ife tomwe, koma kusukulu amaphunzira Chipwitikizi, ndipo m'Chipwitikizi dzina lililonse limakhala lachimuna kapena lachikazi. Nyumba ndi yachikazi, galimoto ndi yachimuna. Palibe amene anapeza ndevu pa galimoto ayi, ndi kagawidwe chabe. Mlatho m'Chipwitikizi ndi wachikazi, koma m'Chifalansa ndi wachimuna. Chijeremani chili ndi magulu atatu, ndipo mawu otanthauza mtsikana anagwera m'gulu lachitatulo, limene si lachimuna kapena lachikazi. Ntchito ya magulu amenewa ndi imodzi: dzina likakhala m'gulu lakuti, mawu oyandikana nalo amasintha kuti agwirizane nalo.

Muuzeni mlendo wanu kuti Chichewa chimachita zomwezo, kungoti pali kusiyana kuwiri. Koyamba, magulu athu ndi ochuluka ndipo alibe nazo ntchito zoti ichi n'chachimuna kapena chachikazi. Ndikati "akubwera", simungadziwe ngati akubwerayo ndi bambo kapena mayi. N'chifukwa chake Amalawi ambiri, ngakhale a madigiri, lilime limaterereka pa timawu ta Chingerezi tosiyanitsa mwamuna ndi mkazi. Kusiyana kwachiwiri n'kwakuti ziyankhulo za ku Ulaya zimakonda kusintha mawu kumapeto, ife timasintha kumayambiriro. Mngerezi akafuna kuchulukitsa amaika s kumchira. Ife timagwira kumutu: mwana, ana, munda, minda, chidebe, zidebe.

Tsopano tiyeni pamsika paja pa Lizulu, pamene pamakhala matumba a mbatata yakachewere, kabichi ndi tomato m'mbali mwa msewu. Tiyerekeze mayi wina akukweza katundu pa lole ndipo china chake chagwa. Akuti:

Thumba langa lalikulu limodzi lija lagwa.

Tamverani l ameneyo mmene wayendera chiganizo chonse. Dzina ndi "thumba" basi, koma lalamula mawu asanu otsatira: langa, lalikulu, limodzi, lija, lagwa. Tisinthe dzina lokha, china chilichonse chikhale chomwecho:

Chidebe changa chachikulu chimodzi chija chagwa.

Nkhuku yanga yaikulu imodzi ija yagwa.

Mtolo wanga waukulu umodzi uja wagwa.

Ngati mukumuphunzitsa munthu, mulembereni ziganizo zinayi zimenezi motsatana, kenako adule mzere pansi pa zimene sizinasinthe. Adzapeza -anga, -kulu, -modzi, -ja ndi -gwa. Amenewa ndi matsinde. Zimene zikusintha kutsogolo kwa matsindewo ndi zimene aphunzitsi a Chichewa amati agwirizanitsi. Zikachuluka, agwirizanitsi onse amasamuka pamodzi: "Matumba anga aakulu awiri aja agwa", "Zidebe zanga zazikulu ziwiri zija zagwa", "Mitolo yanga yaikulu iwiri ija yagwa".

Pali tinthu tiwiri pamenepa timene wophunzira amapunthwapo. Koyamba, mawu ngati "chachikulu" amanyamula mgwirizanitsi kawiri: cha-chi-kulu, la-li-kulu, ya-i-kulu, za-zi-kulu. Mlendo amakonda kuika kamodzi n'kunena "chidebe chikulu". Mwayi wake ndi wakuti matsinde ochita chonchi ndi owerengeka, monga -kulu, -ng'ono, -tali, -fupi ndi -wisi. Kachiwiri, taonani kuti "thumba" likachuluka limataya h n'kukhala "matumba". Zimenezi si za thumba lokha: khasu, makasu, phiri, mapiri, tsamba, masamba, dzira, mazira. Gulu la Li-Ma ndi lodabwitsa chifukwa li- wake saoneka pa mayina ambiri. Anangosiya chipsera pa lemba loyamba la dzina likakhala limodzi, koma pa mawu otsatira amatulukira poyera: khasu langa lathyoka.

Apa ndiye pagona nkhani yonse, ndipo ngati mlendo wanu angagwire chinthu chimodzi chokha, chikhale ichi: gulu la dzina silidziwika poyang'ana dzinalo. Limadziwika pomvera mawu amene akulitsatira.

Mabuku ambiri ophunzitsira amayamba ndi mndandanda wonena kuti mu- ndi wa anthu, chi- ndi wa zipangizo, ka- ndi wa tinthu tating'ono. Ine ndimaona kuti mndandanda umenewu umathandiza sabata imodzi, kenako umayamba kunamiza munthu. Tengani mawu atatu awa: kamwana, katundu, kalata. Onse ayamba ndi ka-. Woloweza mndandanda adzawaika m'thumba limodzi. Koma timati kamwana kanga kadwala, katundu wanga wafika, kalata yanga yatayika. Magulu atatu osiyana. Pa "kamwana" pokha ndi pamene ka- ali wochepetsa chinthu. Pa "katundu" ndi pa "kalata", ka ndi mbali chabe ya mawuwo. Chimodzimodzi chingwe ndi chule: chingwe ichi chaduka, koma chule uyu wafa.

Msampha woopsa kwambiri uli pa mayina oyamba ndi m- kapena mu-. Mtsikana ndi mtengo amaoneka ngati a gulu limodzi, ndipo mukawayesa ndi "-anga" amakupusitsani, chifukwa onse ndi "wanga". Mukati chinthu changochitika kumene, amakupusitsaninso: mtsikana wagwa, mtengo wagwa. Wophunzira amasangalala kuti waipeza. Ndiye mumuuze anene zimene zikuchitika panopa. Mtsikana akugwa, mtengo ukugwa. Mumuuze aloze ndi chala: mtsikana uyu, mtengo uwu. Achulukitse: atsikana, mitengo. Choncho kuyesa dzina ndi njira imodzi sikukwanira. Njira yodalirika ndi kuliyesa katatu: kuloza (uyu, uwu, ili, ichi, iyi), kuika mneni wa zimene zikuchitika tsopano (akugwa, ukugwa, likugwa, chikugwa, ikugwa), ndi kulichulukitsa. Dzina latsopano lililonse aziliphunzira ndi anzake amenewa, monga momwe wophunzira Chifalansa amalowezera dzina limodzi ndi kamawu kosonyeza ngati ndi lachimuna kapena lachikazi. Asaloweze "mpeni" yekha. Aloweze "mpeni uwu, mipeni iyi".

Nanga tanthauzo silithandiza konse? Limathandiza pang'ono. Mayina ambiri a anthu ali m'gulu la Mu-A, mitengo yambiri ili mu Mu-Mi, ndipo mayina a khalidwe monga ulesi, ufulu ndi umphawi ali m'gulu la u-. Koma malire ake amabwera msanga. Galu, mphaka, kalulu ndi fisi amatenga agwirizanitsi a anthu: galu uyu akuuwa, agalu awa akuuwa. Fodya ndi anyezi nazonso zinakalowa komweko: fodya wanga wauma. Pomwe anthu ena enieni ali m'gulu limodzi ndi mbuzi ndi nyumba. Timati mbava yagwidwa, mfiti yaululika, mfumu yathu yafika.

Inde, mfumu. Kwa anthu a ku Ntcheu chitsanzo chili pakhomo penipeni. Mfumu yaikulu ya Angoni a kwa Maseko timaitchula kuti Inkosi ya Makosi Gomani. Taonani "ya" ameneyo. Sitinena kuti "Inkosi wa Makosi". Mawu akuti inkosi anabwera ndi Angoni kuchokera kum'mwera kwa Afirika m'zaka za m'ma 1800, ndipo m'Chizulu ali m'gulu lomwelo limene muli mfumu ya Chichewa. Ngakhale kachulukitsidwe kake n'kofanana: mfumu, mafumu, inkosi, makosi. Mawuwo anayenda ulendo wautali, anthu ake anasiya Chingoni n'kuyamba kuyankhula Chichewa, koma gulu la dzinalo silinafunike kusintha chifukwa ziyankhulo ziwirizi ndi za banja limodzi. Komabe muchenjezeni mlendo wanu kuti pamaso pa mfumu asakayambe zoti "yabwera". Ulemu uli ndi njira yake: timaika a- kutsogolo n'kusamutsira munthuyo m'gulu la anthu ambiri. Amfumu abwera, agogo akudwala, amalume afika. Munthu ndi mmodzi, agwirizanitsi ndi a anthu ambiri. Wodziwa Chifalansa sazizwa nazo kwambiri, poti nayenso munthu wamkulu amamuyankhula ngati akuyankhula ndi gulu.

Kufanana kwa Chichewa ndi Chizulu kumeneku ndi kumene kunachititsa akatswiri kupereka manambala ku magulu a mayina. Wilhelm Bleek, Mjeremani amene ankagwira ntchito ku Cape Town, ndiye anayambitsa manambalawa m'buku lake loyerekezera ziyankhulo za kum'mwera kwa Afirika, limene linatuluka m'magawo awiri, mu 1862 ndi mu 1869. Pambuyo pake Carl Meinhof anawonjezera. Bleek yemweyo ndiye anatchukitsa dzina lakuti Bantu, kuchokera ku mawu amene Azulu amati abantu, ife timati anthu. Ubwino wa manambalawa ndi wakuti gulu 7 ndi gulu 7 kulikonse: chi- wa Chichewa, ki- wa Chiswahili ndi isi- wa Chizulu. Powerenga motere, mmodzi ndi ambiri amapatsidwa manambala osiyana. Mu-A ndi 1 ndi 2, Mu-Mi ndi 3 ndi 4, Li-Ma ndi 5 ndi 6, Chi-Zi ndi 7 ndi 8, I-Zi ndi 9 ndi 10. Manambala a Chichewa amafika 18, koma 11 palibe. Gulu limenelo, la lu-, m'Chitumbuka likadalipo, pomwe kwa ife mawu ngati lupanga, luso ndi lumo anakalowa mu Li-Ma: lupanga langa, malupanga anga.

Mlendo akamva za magulu 17 amafuna kulongedza zikwama. Mutonthozeni ndi masamu pang'ono. Agwirizanitsi a "ana" ndi a "matumba" ndi amodzi: ana awa agwa, matumba awa agwa. A "minda" ndi a "mbuzi" imodzi ndi amodzi: minda iyi, mbuzi iyi. A "zidebe" ndi a "mbuzi" zambiri ndi amodzi: zidebe izi, mbuzi izi. "Mtengo" ndi "ufa" amayendera limodzi, ndipo ku- wa "kudya" amayendera limodzi ndi ku- wa "kumudzi". Mukachotsa zobwereza zisanu zimenezi, zotsala zoti aloweze ndi 12.

Mawu obwereka amaonetsa bwino kuti dongosolo limeneli ndi lamoyo. Mbatata ndi nsapato tinazitenga ku Chipwitikizi. Kumeneko mbatata ndi yachikazi, nsapato ndi yachimuna, ndipo mawu onse awiri alibe m kapena n kumayambiriro. Atafika kuno, zachimuna ndi zachikazi zinatsala pamalire. Makolo athu anawaika m- ndi n- kuti amveke ngati mbale ndi nsomba, ndipo onse analowa m'gulu la I-Zi: mbatata yanga, nsapato zanga. Masiku ano gulu 9 ndilo limalandira alendo ambiri: foni yanga, sukulu yathu, galimoto yawo, minibasi ija. Koma pochulukitsa ambiri amakabwereka ma- wa gulu 6: mafoni, masukulu, magalimoto. Ena sanatsate njira imeneyo, buku ndi tebulo anapita ku Li-Ma. Palibe komiti imene inakhala pansi kugawa zimenezi. Ndipo musadabwe kumva wina akuti "sukulu zathu", wina "masukulu athu". Zonse zimamveka, malinga munthu asasakanize n'kunena "masukulu zathu".

Tsono funso limene wophunzira wanzeru amafunsa ndi lakuti: chipwirikiti chonsechi phindu lake n'chiyani? Bwanji osangonena "anga" paliponse?

Yankho lili pa mneni. M'Chingerezi, amene wachita chinthu amadziwika ndi malo ake m'chiganizo: woyamba kutchulidwa ndiye wochita, wobwera pambuyo pa mneni ndiye wochitiridwa. Mukawasinthanitsa malo, nkhani yasintha. M'Chichewa mneni amatha kunyamula agwirizanitsi awiri, wa wochita ndi wa wochitiridwa. Tiyeni tione chiganizo ichi:

Agalu anazithamangitsa mbuzi.

Tikang'amba mneniyo tipeza a-na-zi-thamangitsa. A- akuloza agalu, -na- akunena kuti zinachitika kale, -zi- akuloza mbuzi. Tsopano sinthani malo:

Mbuzi anazithamangitsa agalu.

Mbuzi zabwera koyamba, koma Mchewa aliyense akudziwa kuti othamangitsa akadali agalu. Zili ngati tikuti, mbuzi zija mukufunsazi, agalu ndi amene anazithamangitsa. Kuti nkhani itembenuke, sitisuntha mayina, timasintha agwirizanitsi:

Mbuzi zinawathamangitsa agalu.

Apa zi- wabwera kutsogolo, -wa- walowa pakati, ndipo agalu ndi amene ali pa liwiro. Nkhani imeneyi inafufuzidwa mozama ndi Sam Mchombo, Mmalawi amene anaphunzitsa kwa zaka zambiri pa yunivesite ya California ku Berkeley, pamodzi ndi Joan Bresnan wa ku Stanford. M'nkhani yawo ya mu 1987 anaonetsa kuti mneni akakhala ndi mgwirizanitsi wa wochitiridwa, mawu atatuwo mutha kuwasanja m'njira zonse 6 ndipo chiganizo chimakhalabe cholondola. Mukamuchotsa mgwirizanitsi wapakatiyo n'kunena "anathamangitsa", ufulu umenewu umatha: mbuzi ziyenera kubwera pambuyo penipeni pa mneni.

Ndi chifukwa chomwecho timatha kutaya dzina lenilenilo osasochera. Mnzanu akakulemberani pa WhatsApp kuti "Ndalipeza", mukudziwa kuti si foni kapena chikwama, mwina ndi buku lija. Akati "Ndaipeza", maganizo apita ku foni. Akati "Ndachipeza", ndi chikwama. Chingerezi chili ndi kamawu kamodzi kokha koimira zinthu zonsezi, ndiye wolemba amayenera kutchulanso dzina.

Koma nazonso zili ndi polekezera. Mayina awiri akakhala a gulu limodzi, agwirizanitsi amasowa chonena. "Mbuzi zinazithamangitsa nkhuku": zi- ndi -zi-, ndani akuloza ndani? Pamenepa timabwerera ku malo a mawu ndi nzeru za tsiku ndi tsiku, poti tonse tikudziwa kuti nkhuku sizithamangitsa mbuzi kawirikawiri. Vuto lina limabwera tikalumikiza mayina a magulu osiyana. Zikakhala zinthu, timathawira ku zi-: khasu ndi mpeni zatayika. Akakhala anthu, timathawira ku a-: mfumu ndi mlembi afika. Nanga mwana ndi mbuzi? "Abwera" ikumveka ngati mbuzi tayipatsa ulemu, "zabwera" ikumveka ngati mwana tamunyoza. Tamverani mmene anthu amayankhulira ndipo mudzaona kuti amangozemba: mwana wabwera ndi mbuzi.

Kunyoza kumene ndatchulaku si nthabwala chabe. Popeza gulu limasintha mawu onse otsatira, kusamutsa dzina kupita ku gulu lina ndi chida champhamvu. Mwana akakhala "kamwana", chiganizo chonse chimafewa: kamwana kanga kokongola kagona. Munthu akakhala "chimunthu", chiganizo chonse chimamutukwana: chimunthu chija chabweranso. Wophunzira amene wangomva kuti chi- amakuza zinthu angathe kuitana apongozi ake "chimayi" poganiza kuti akuwalemekeza. Muuzenitu zisanachitike.

Magulu atatu omaliza, 16, 17 ndi 18, ndi amene alibe mnzake m'ziyankhulo za ku Ulaya zimene tatchulazi. Pa, ku ndi mu, mlendo amaziona ngati timawu tongosonyeza malo, ndipo sayembekezera kuti tingalamule mneni. Koma tamverani: pamsika pali anthu, ku Tsangano kukuzizira, m'nyumba mwada. Malo asanduka mwininkhani, ndipo mneni akugwirizana nawo monga momwe amagwirizanirana ndi thumba kapena chidebe. Mngerezi akafuna kunena kuti kukuzizira amayamba ndi kamawu kopanda tanthauzo kongotseka malo a mwininkhani. Ife timasankha pakati pa atatu, ndipo kusankhako kuli ndi tanthauzo. "Pano pakutentha" ndi pamalo pamene ndakhalapa, "kuno kukutentha" ndi dera lonse, "muno mukutentha" ndi m'kati mwa chipinda kapena minibasi. Timathanso kunena kuti "Kumudzi kwabwera alendo", mneni n'kugwirizana ndi mudzi m'malo mwa alendo amene ayendawo. Ngakhale "-anga" uja amatsatira: nyumba yanga, koma panyumba panga, kunyumba kwanga, m'nyumba mwanga. Mlendo wanu akadzafika ponena yekha kuti "m'thumba mwanga mulibe kanthu", osati "m'thumba langa ilibe kanthu", mutha kumutuma pa Lizulu kukagula mbatata payekha.